Intaneti yaima pafoni? Onani kaye tsiku lothera bandulo

Foni ikuonetsa 4G, timizere ta netiweki tadzadza, koma uthenga wa WhatsApp wangokhala ndi kawotchi. Musanakwere kabaza kukafuna wokonza mafoni pa Kamuzu Road, funsani kaye simu yanu.

Pa Airtel imbani `*304#` kuti muone bandulo, ndi `*137#` kuti muone mayunitsi. Pa TNM mayunitsi amaoneka pa `#123#`, ndipo za mabandulo zili pa `*200#`. Ngati foni ndi ya masimu awiri, imbirani pa simu imene mwaisankha kuti izipereka data, chifukwa ena amaona MB zambiri pa simu ina pamene foni ikukoka kwina.

Yankho likabwera, maso amathamangira pa MB zotsala. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Nthawi zambiri bandulo imatha m'njira ziwiri, MB zikatha kapena nthawi yake ikakwana, ndipo chimene chayamba kufika ndicho chimatseka. Ndiye werengani uthengawo mpaka kumapeto, pamene pali mawu ngati Expiry kapena Valid, muone tsiku ndi ola lomwe.

Tiyerekeze kuti mwagula 1GB ya maola 24 Lachiwiri 4 koloko madzulo muli ku Salima boma. Mwagwiritsa 300MB zokha, kenako mwapita ku Senga Bay foni ili m'thumba, data yozimitsa. Lachitatu 6 koloko madzulo mukuyatsa, zii. Mumtima mukuti pali 700MB, koma zinapita 4 koloko ija. Kuzimitsa data kumasunga MB, sikuimitsa wotchi. Musaganizenso kuti bandulo iliyonse ya tsiku ndi ya maola 24. Zotsatsa zina zimakhala ndi ola lakelake lothera, monga za usiku. Uthenga umene umabwera mutangogula ndiwo umanena zoona, musamaufufute.

Onaninso mtundu wa bandulo. Ya WhatsApp yokha siingatsegule YouTube ngakhale MB zilipo.

Mukapeza kuti yathadi, zimitsani data musanathire mayunitsi. Mukapanda kutero, foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsiwo pamtengo wokwera wa kunja kwa bandulo, ndipo pofika pogula imakuuzani kuti ndalama sizikukwana. Ngongole ya Kutapa kapena Pasavute nayo imadulidwa pomwepo mukangothira, choncho thirani zopitirirako. Anthu otsatsa mabandulo otchipa m'magulu a WhatsApp, oti mutumize kaye ndalama, asiyeni. Kaya ndi ejenti wa pamsika amene akukugulirani, musachoke uthenga usanalowe pafoni yanu.

Gulani pa `*301#` ya Airtel kapena `*200#` ya TNM, kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Dikirani uthenga, yatsani data. Ikakana, yatsani Airplane mode kwa masekondi 10 n'kuzimitsanso.