Kuphika keke pa mbaula osapsereza pansi

“Ndilibe uvuni. Ndikaphika keke mu poto pa mbaula imapserera pansi, pakati isanapse. Ndizitani?”

Moto wanu ukuchuluka pansi. Keke imafuna makala ambiri pa chivundikiro, pansi ochepa chabe.

Yambani mwayatsa makala mpaka ayere phulusa, malawi atazima. Thirani mchenga wouma mu poto wolemera, masentimita 3, vundikirani, utenthe mphindi 10. Mchengawu ndiwo umatchinjiriza pansi pa keke, musaudumphe. Pakani mafuta m'chitini, muwazemo ufa pang'ono, kenako thirani zosakaniza zanu kungopitirira theka, poti zifufuma.

Khazikani chitini pa mchenga osakhudza m'mbali mwa poto. Mukavundikira, chotsani makala awiri mwa atatu alionse m'mbaula, muwayale pa chivundikiro, makamaka cha m'mphepete.

Mphindi 25 zoyamba musatsegule ndithu, kutentha kukathawa keke imaphwa pakati. Mukamva fungo la shuga wopserera nthawi isanakwane, phulani poto, chepetsani makala apansi. Zikakwana mphindi 40, nyamulani chivundikiro mosapendeketsa kuopa phulusa, mubaye pakati ndi mpeni. Ukatuluka wouma, yapsa. Ukamatirira koma pamwamba pafiira kale, chotsani makala apamwamba, ikhalebe mphindi 10 zina.