Matiredi atatu, koma ngozi ndi imodzi

Anzanga ochita foreksi kuno ku Chipata, musanatsegule tiredi yachiwiri, yambani mwaona ndalama imene mwaigulitsa m'tiredi yoyamba.

Ineyo ndinali ndi madola 500 m'akaunti, ndipo lamulo langa linali loti tiredi imodzi isandidyere kupitirira madola 10. Ndinagula EUR/USD, peya ya yuro ndi dola, kenako GBP/USD, ya paundi ndi dola, n'kugulitsanso USD/CHF, ya dola ndi franki ya ku Switzerland, iliyonse ndi sitopu losi ya madola 10, kutanthauza kuti tirediyo itsekeke yokha ndikaluza madola 10. Mumtima ndinkati ndabalalitsa ngozi. Madzulo ena, cha m'ma 14:30 nthawi yathu, malipoti a ntchito a ku Amerika atatuluka dola inakwera, ndipo matiredi onse atatu anatsekeka mphindi zochepa chabe. Madola 30 anapita, osati 10.

Chinachitika n'chakuti pogula EUR/USD umakhala wagulitsa dola. Pogula GBP/USD, chimodzimodzi. Ya USD/CHF ndiyo imapusitsa, chifukwa dola ili kutsogolo: kuigulitsa peyayo n'kugulitsanso dola yomweyo. Mayina atatu, koma ndinabetcha kamodzi kokha, kuti dola igwa.

Masiku ano ndimalemba papepala ndalama iliyonse payokha, kuti ndagula chiyani, ndagulitsa chiyani. Dola ikaoneka kawiri mbali imodzi, madola 10 aja ndimawagawa pakati, asanu asanu, kapena ndimasankha peya imodzi basi.

Matebulo a korileshoni amathandizanso. Nambala yoyandikira +1 ikutanthauza kuti mapeya awiriwo amayendera limodzi, yoyandikira -1 amayenda mosemphana. Kungoti nambalazi sizikhazikika: nkhani ikakhudza Britain yokha, paundi imatha kusiyana njira ndi yuro, choncho onani za masabata apitawa, osati za chaka chatha.