Momwe mungadziwire nthawi yabwino yopositira katundu wa mushopu yanu

Zija mumamva zoti positani 7 koloko madzulo basi zisiyeni kaye, makasitomala a shopu ya zitenje pa Kasungu boma sagwira foni nthawi imodzi ndi a munthu wogulitsa feteleza ku Santhe. Nthawi yanu ili mufoni mwanu momwemo.

Yambani ndi sitetasi ya WhatsApp poti ambirife timagulitsira pamenepo. Mukaposita, dinani kachizindikiro ka diso pansipo, mayina a omwe aona amabwera limodzi ndi nthawi yomwe anaonera. Koma sitetasi imafufutika pakatha maola 24 ndiye muzikopera mukope isanapite. Komanso ngati munazimitsa Read receipts simuona aliyense, yatsani kaye.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mukaika chithunzi chimodzi 6 koloko mmawa, mudzapeza kuti ambiri aona mmawa womwewo nkumati eya anthu anga ndi a mmawa, pomwe zoona zake nzoti wina anabweranso madzulo koma palibe chatsopano choti aone. Ndiye muziika zitatu pa tsiku, 6 mmawa, 12 masana ndi 6 madzulo, katundu wofananako, ndipo pa chilichonse werengani omwe aona m'maola awiri oyamba okha. Chitani chonchi masabata awiri, Loweruka ndi Lamulungu muzilemba padera.

Tiyerekeze mukope mwatuluka kuti cha mmawa amaona anthu 15, cha masana 40, cha madzulo 70. Musathamangire madzulo ayi. Onaninso kuti ma meseji ofunsa mtengo akubwera pa chiti, chifukwa 70 aja mwina ndi achinyamata ongodutsa pa bando ya usiku, pomwe 40 a masana ndi amayi a m'maofesi ali pa lanchi omwe akhoza kudzera pashopu poweruka kapena kutumiza pa Mpamba pompo. Ine ndingasankhe masana, nkumaposita cha m'ma 11:30 kuti akamatsegula foni achipeze chili kale.

Amene muli ndi peji ya Facebook, Meta Business Suite imakuonetsani Active times, nthawi zomwe okutsatirani ambiri amakhala ali pa Facebook, mukamakonza positi yoti idzatuluke yokha. Pa Instagram zili mu Insights, pa Most active times, koma pamafunika akaunti ya bizinesi kapena ya creator ndi okutsatirani osachepera 100.

Tsiku lomwe magetsi anazima tsiku lonse lidumpheni powerengera, mafoni a anthu anali atathima. Ndipo zomwe mwapeza mu Januwale anthu ali kumunda mbandakucha musazidalire mu Meyi fodya akugulitsidwa ku Chinkhoma, bwerezaninso masabata awiri aja nyengo ikasintha.