Liwiro la setilaiti: yambani ndi r

*Setilaiti ikuzungulira dziko pa makilomita 400 kuchokera pansi. Liwiro lake ndi nthawi yozungulira ndizipeza bwanji?*

Choyamba pezani r, mtunda wochokera pakati penipeni pa dziko kufika pa setilaiti. Ophunzira anga kuno ku Blantyre amaphonya pomwepa, amaika 400 yekhayo. Onjezani makilomita 6371 ochokera pakati pa dziko kufika panthaka: r = 6771 km = 6.771 × 10⁶ m. Musaiwale kusandutsa mamita.

Mphamvu yokoka ya dziko ndiyo imakhotetsa njira ya setilaiti, choncho:

```
v = √(GM/r)
GM = 3.986 × 10¹⁴ m³/s²
```

Apa v ndi liwiro, G ndi nambala yosasintha ya mphamvu yokoka, M ndi kulemera kwa dziko. Mupeza mamita pafupifupi 7670 pa sekondi. Kulemera kwa setilaiti sikulowamo.

Kenako, kuti mupeze nthawi yozungulira T, gawani utali wa njira yonse ndi liwirolo:

```
T = 2πr/v
```

Akutuluka masekondi pafupifupi 5545, mphindi 92. Liwiro likapitirira mamita 7900 pa sekondi, bwererani pa r, mwalakwitsa pamenepo.