Wodwala wanu akatumizidwa ku Central: zoyenera kuchita kuchokera ku Dedza

Tiyerekeze kuti mayi anu a ku Lobi ali ndi chotupa m'mimba, ndipo madokotala pachipatala cha boma ku Dedza anena kuti opaleshoni yake ndi ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma, koma musathamangire kusiteji musanachite izi.

Choyamba, musachoke opanda kalata yotumizira wodwala. Kalatayo amalemba ndi dokotala wa pachipatala cha boma, ndipo imafotokoza zimene ayeza, mankhwala amene apereka kale ndi chifukwa chotumizira. Mukangolumpha nokha kupita ku Central opanda kalata, pokhapokha ngati ndi ngozi, akhoza kukubwezani kapena kukulipiritsani. Kalatayo muyiike pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, zithunzi za ekiselo kapena sikani, chiphaso cha unzika ndi mankhwala onse amene mayiwo akumwa, ngakhale a BP, shuga kapena ma ARV. Zonsezi zikhale mu jumbo imodzi, ndipo jumboyo isachoke m'manja mwa gadiyani.

Kenako funsani mwachindunji kuti, "Akupita kukagonekedwa kapena kukaonedwa kukiliniki?" Apa ndi pomwe anthu ambiri amaluza ndalama. Ngati ndi kukiliniki, madokotala a matenda osiyanasiyana amakhala ndi masiku awoawo, ndiye mukafika tsiku lolakwika mudzagona panja kapena kubwerera. Pemphani kuti tsikulo alembe m'kabuku. Ngati akukagonekedwa, funsani za ambulansi ya chipatala. Nthawi zambiri imanyamula odwala angapo, choncho malo a gadiyani amakhala amodzi, ndipo thumba lonse la ufa silingakwere. Wodwala amene akutha kukhala tsonga payekha mukhoza kupita naye pa minibasi m'mamawa, koma mukatsika mu depoti tengani takisi. Munthu wa chotupa m'mimba sakwezedwa kabaza.

Kusankha gadiyani kukhale kwa banja lonse, ndipo musasankhe amene wangopezeka kuti alibe chochita. Ku wodi ya amayi pakufunika munthu wamkazi, wamphamvu zotha kunyamula, kusambitsa ndi kuperekeza wodwala kuchimbudzi, komanso wosaopa kufunsa namwino. Ine ndimalangiza kuti akhale mmodzi wokhazikika kwa sabata yoyamba. Kusinthanasinthana tsiku lililonse kumasokoneza: dokotala afunsa ngati mayi anasanza usiku, wobwera kumeneyo n'kungoti sindikudziwa. Mukamasinthana, wochokayo afotokoze zonse ndi kupereka jumbo ija pamanja.

Za malo ogona, musayembekezere bedi. Magadiyani amakhala kushelta yawo, komwe amaphikirako, kuchapa ndi kugona pansi. Wodwala akafooka kwambiri, anamwino amatha kulola mmodzi kugona pambali pa bedi, koma limenelo ndi lamulo la mu wodi, mufunse. Tengani mkeka, bulangete, zitenje zingapo, ndowa, beseni, sopo, poto, mthiko, mbale ndi makapu. Chakudya cha chipatala ndi cha wodwala, gadiyani amadziphikira. Ufa, nyemba, mtedza ndi kachewere wa kwathu kuno n'zosavunda msanga ndipo ku Lilongwe n'zodula, choncho wachibale abwere nazo pa minibasi. Makala ndi ndiwo zamasamba mukagula konko. Kushelta pamakhala anthu ambiri osadziwana, ndiye ndalama sungani pa Airtel Money kapena Mpamba, foni muzigona nayo m'chitenje. Pezani mnzanu mmodzi woti muzisungirana katundu mukalowa mu wodi. Ngati muli ndi mbale ku Kawale, Biwi kapena Mchesi, kumeneko kukhale kosambira ndi kupumirako masana, koma usiku musatalikire.

M'mawa madokotala akamayendera odwala, magadiyani amatulutsidwa. Musapite kumsika nthawi imeneyo. Khalani pafupi, akangomaliza funsani namwino zimene zagamulidwa. Akanena kuti mawa ndi opaleshoni, adzakuuzani ola loti wodwala asiye kudya ndi kumwa. Mverani ndithu. Kaphala kakang'ono koperekedwa mwachifundo kakhoza kuimitsa opaleshoni, chifukwa munthu akagonetsedwa ndi mankhwala m'mimba muli chakudya, amatha kusanza n'kutsamwa nacho m'mapapo. Mankhwala azitsamba nawonso musapereke mobisa. Achibale athanzi akhale okonzeka ngati chipatala chitapempha opereka magazi.

Tsiku lotuluka, onetsetsani kuti m'kabuku alembamo opaleshoni imene yachitika, mankhwala omwera kunyumba, tsiku lochotsa ulusi ndi komwe akachotsere, komanso tsiku lodzaonedwanso. Ngati anadula kanyama kokayeza, funsani tsiku ndi malo odzamvera zotsatira. Ndalama yobwerera sungani padera kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ambulansi ya ku Dedza imakutengani pokhapokha ikabweretsa odwala ena ndipo muli malo.