Momwe mungakonzere ufa ndi juwisi wa malambe osapha vitamini C

Nyengo yozizira ikafika, malambe amadzaza misika kuchokera ku Mangochi, Salima, Balaka, Neno ndi Chikwawa. Ufa wake uli ndi vitamini C wambiri: pa magalamu 100 mumapezeka mamiligalamu pakati pa 150 ndi 500, malinga ndi mtengo womwe anathyoledwako, pomwe lalanje lolemera chimodzimodzi lili ndi pafupifupi 50. Pafupifupi theka la ufawu ndi faiba, zija sizigayika m'mimba koma zimafewetsa chimbudzi. Faiba satha ngakhale mumuphike. Vitamini C ndiye wosalimba: moto, mpweya, dzuwa ndi soda zimamuwononga, ndipo kakonzedwe konse kagona pomuteteza.

Yambani ndi kusankha. Dambe labwino limakhala lopepuka, lopanda mng'alu kapena kabowo, ndipo mukaligwedeza zam'kati zimachita phokoso. Lolemera ndi losalira ndiye kuti analithyola losakhwima, ufa wake ukadali wonyowa ndipo suchedwa kuchita chuku. Musanaswe, palani ubweya wa pachigoba ndi mpeni kapena burashi, mupukute. Ambiri amadumpha apa, koma ubweyawo umayabwa, ndipo ukagwera mu ufa palibe sefa yomwe ingauchotse wonse. Mukaswa, ufa uzioneka woyera motuwira. Wa madontho akuda kapena wonunkha chinyontho tayani.

Thirani zam'katizo mumtondo wouma, muchotse mitsitsi yofiirira ija. Sinjani mopepuka, ngati mukungogogoda. Cholinga n'kusupula ufa panthanga, osati kuziphwanya. Mukalimbikira munsi, tizidutswa ta nthanga timalowa mu ufa ndipo umachita lubwelubwe m'kamwa. Sefani kawiri. Musadabwe ufa ukachepa, mbali yaikulu ya zam'katizo ndi nthanga. Ndipo musauyanike padzuwa ngati ufa woyera wansima, poti unauma kale m'chigoba.

Kwa juwisi wa lita imodzi, wiritsani madzi kaye, muwasiye azizire mpaka muthe kuviikamo chala osapsa. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amawiritsira malambe m'madzimo kuti ufa usungunuke msanga. Umasungunukadi, koma vitamini C wambiri amathera pamoto. Tengani masupuni aakulu asanu a ufa, muthire madzi pang'ono ndi kutakasa mpaka pakhale kaphala kosalala, kenako muwonjezere madzi otsalawo. Mukathira madzi onse nthawi imodzi ufa umaumbika timibulu. Ngati muli ndi malambe a nthanga, viikani makapu awiri m'lita imodziyo kwa ola limodzi, mufikise ndi manja osamba bwino mpaka nthanga zitsale zakuda, musefe. Shuga masupuni atatu akwanira. Gwiritsani ntchito jagi ya pulasitiki kapena yagalasi, chifukwa chitsulo chadzimbiri chimafulumiza kuwonongeka kwa vitaminiyu.

Pakapita kanthawi juwisiyu amalemerera ndipo zina zimadikha pansi. Sanawonongeke, ndi faiba uja akumwa madzi, takasani basi. Wowonongeka amachita thovu, amanunkha ngati thobwa losasa, ndipo botolo limafufuma. Popanda furiji, imwani tsiku lomwelo.

Nanga munthu adye wochuluka bwanji? Supuni yaikulu yodzaza ndi pafupifupi magalamu 10. Titatenga ufa wa mamiligalamu 250 pa magalamu 100, supuni imodzi ikupatsani mamiligalamu 25, ndiye awiri afika pa 45 amene bungwe la zaumoyo padziko lonse limati munthu wamkulu amafunika patsiku. Masupuni awiriwo alinso ndi faiba pafupifupi magalamu 9, pa 25 ofunika patsiku. Ngati simunazolowere, yambani ndi supuni imodzi ndipo muzimwa madzi okwanira, apo ayi mimba imafufuma ndi mpweya.

Kuphala lamulo ndi lomwelo. Phikani phala lamgaiwa mpaka lipse, muphule, lizizireko, ndiyeno takasirani supuni imodzi m'mbale ya munthu mmodzi. Mukathira mkaka ungadule chifukwa cha kuwawasa kwa malambe. Ndi wosaopsa, maonekedwe okha ndiwo sasangalatsa. Kumwera juwisiyu pa nsima ya nyemba kapena bonongwe n'kwanzeru kuposa kumwera tiyi, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'ndiwozo pomwe tiyi amatchinga. Mwana wosakwana miyezi 6 ayi, iye ndi bere lokha. Ana okonda kumung'unya malambe azitsuka m'kamwa ndi madzi akamaliza, poti kuwawasako kumadya mano.

Ufa wotsala sungani m'botolo louma lotseka bwino, pamalo pamdima, ndipo muzitapa ndi supuni youma. Ukayamba kuderako kapena kuumbika, mpweya ndi chinyontho zalowa. Ngati muli ndi malambe ambiri, asiyeni m'zigoba zawo zosaswa, muzingoswa okwanira sabata imodzi kapena ziwiri.