Kachitunda kobisika pakati pa A ndi B

Funso linali lakuti: kodi munthu ataima pa A, malo okwera mamita 1,200, angaone B, malo okwera mamita 1,300? Pa mapu a sikelo ya 1:50,000 malo awiriwa anatalikirana masentimita 8, kutanthauza makilomita 4. Poti B ndi wokwera, anzanga ankangoti akuonana basi.

Ndinagoneka m'mphepete mwa kapepala pa mzere wochoka pa A kufika pa B. Paliponse pamene mzere wa kontuwa, wolumikiza malo okwera mofanana, unadutsa, ndinaikapo kachizindikiro ndi kulemba kutalika kwake. Kenako ndinasamutsira zizindikirozo pa pepala la girafu, sentimita imodzi chokwera ikuimira mamita 100, n'kulumikiza madonthowo ndi mzere wokhotakhota, osati wa rula.

Pa masentimita 2 kuchokera pa A panatuluka zizindikiro ziwiri zotsatizana za 1,240. Mwina ndi chigwa, mwina chitunda. Koma kontuwayo inali yozungulira, ndipo ya kunja kwake inali 1,220. Choncho n'chitunda.

Nditajambula mzere wowongoka kuchokera pa A kufika pa B, pamalopo unali pa mamita 1,225 okha, popeza wayenda gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wokwera mamita 100. Chitundacho chikuposa ndi mamita 15 kapena kupitirira. A ndi B sakuonana.